Mavyuzi atsika mwadzidzidzi pa YouTube? Musathamangire kunena aligorizimu, yambani mwaona izi

Anzanga amene mukupanga mavidiyo kuno kuchigwa, kaya muli ku Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma pa Nsanje, mavyuzi akangotsika mawu oyamba kutuluka pakamwa amakhala akuti aligorizimu yandilanga, kunena dongosolo limene YouTube imasankhira mavidiyo oti ionetse anthu, ndiye munthu usiku womwewo amayamba kusintha mataitolo onse, kufufuta mavidiyo ena, kuthira matagi ambirimbiri, mawa lake sakudziwanso kuti chinalakwika poyamba chinali chiyani chifukwa wadzisokonezera yekha umboni. Zimandiwawa ndikamaziona chifukwa vidiyo imodzi kuno imadya zambiri, kujambula padzuwa lathu lija, kutchajitsa foni, bandulo yoti muyikwezere pa intaneti, zonsezo ndi ndalama.

Msodzi wa pa Shire akabwera chimanjamanja pamakhala zinthu zitatu, kaya madzi asintha, kaya nsomba zachoka pamalopo, kaya ukonde wake wang'ambika, ndipo chilichonse chili ndi chochita chakechake. Kwa ife madziwo ndi aligorizimu, nsomba kuchoka ndi anthu kutopa ndi nkhani yathu, ukonde ndi taitolo, chithunzi cha pamwamba ndi matagi. Tiyeni tione m'mene mungasiyanitsire musanakhudze chilichonse.

Poyamba, dikirani masiku awiri kapena atatu ndipo musasinthe kanthu

Manambala a mu YouTube Studio, kumene mwini tchanelo amaonera m'mene mavidiyo ake akuyendera, amachedwa, a masiku awiri omaliza amakhala asanakhazikike, ndiye girafu ikamaoneka ngati yagwa kumapeto kwenikweni kuja nthawi zina palibe chagwa, angotsala pang'ono kuwerengera. Mukudikira choncho tengani kope mulembe zonse zimene munachita pa tchanelo m'masabata anayi apitawa ndi madeti ake, tsiku limene munasintha taitolo, limene munasintha chithunzi, sabata imene simunaposite, tsiku limene munasiya kuponya malinki m'magulupu a WhatsApp. YouTube sikusungirani mbiri ya mataitolo akale, mukasintha basi wakaleyo wapita, ndiye kopelo ndi mboni yanu yokhayo.

Mudzifunsenso za kunja kwa foni. Ngati okuonerani ambiri ndi a konkuno, magetsi akamazimazima kapena netiweki ikavuta sabata yonse mavyuzi atsika ndithu popanda wolakwa. Kumbukirani Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira m'mene magetsi anavutira dziko lonse, kapena Malichi 2023 nthawi ya Freddy anthu ali m'makampu, ndani ankaganiza zoonera vidiyo? Ngakhale pakati pa mwezi pamene ndalama ya bandulo yasowa zimaoneka. Zotere zimabwerera zokha.

Chachiwiri, onani kaye ngati vidiyo ili ndi chiletso

Apa ndi pa mphindi ziwiri basi. Mu Studio lowani pa Content muone mzere wa Restrictions pa vidiyo iliyonse. Mukapeza Copyright chifukwa cha nyimbo imene inkalira pa golosale pamene mumajambula, tsegulani muone ngati vidiyoyo yatsekedwa m'mayiko ena kapena ayi. Ngati yaikidwa malire a zaka, anthu osalowa ndi akaunti sangayionenso. Onaninso kuti simunadine mwangozi kuti vidiyo ndi ya ana, pakuti ikakhala made for kids makomenti amatsekeka ndipo belu la notifikeshoni siligwira. Mukapeza chimodzi mwa izi vuto mwalipeza, musapitirire kufunafuna zina.

Chachitatu, manambala awiri amene amaulula zambiri

Pitani pa Analytics. Apu ya pafoni imaonetsa zambiri ndithu koma kuti muyerekeze bwino nthawi ziwiri tsegulani studio.youtube.com pa laputopu, kapena pa bulawuza ya foni mutasankha Desktop site, n'kulowa pa Advanced mode. Sankhani masiku 28 a kutsikako, muyerekeze ndi masiku 28 a m'mbuyo mwake. Musayerekeze Lolemba ndi Lamlungu, kapena sabata ino ndi sabata imene vidiyo ina inaphulika mwamwayi, mudzadzikhumudwitsa ulele.

Manambala ake ndi awa. Impressions ndi kuchuluka kwa nthawi zimene YouTube yaonetsa chithunzi cha vidiyo yanu kwa anthu. Impressions click-through rate, imene timangoti CTR, ndi kuti pa anthu 100 aliwonse amene aonetsedwa chithunzicho ndi angati adina. Masamu ake ndi osavuta:

```
mavyuzi = Impressions × CTR ÷ 100
```

Koma dziwani kuti masamuwa sakuphatikiza amene abwera kudzera pa linki ya pa WhatsApp kapena Facebook, amenewo YouTube sinawaonetse chithunzi, munawabweretsa ndinu. Ndiye mavyuzi akagwa funso ndi lakuti chagwa ndi chiti, kuonetsedwa kapena kudinidwa? Ngati Impressions agwa koma CTR ili pompo, ndiye kuti amene akuona chithunzi akudinabe monga kale, kungoti YouTube ikuonetsa anthu ochepa. Ngati Impressions ali chimodzimodzi koma CTR yagwa, anthu akuona n'kudutsa, pamenepo maso anu apite pa taitolo, chithunzi kapena nkhaniyo. YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse CTR yawo imakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti, ndiye musamadziyerekeze ndi a kunja, dziyerekezeni ndi CTR yanu yomwe ya mwezi watha.

Pali msampha umodzi apa umene umagwira ambiri. CTR ikatsika pamene Impressions akwera kwambiri si vuto ayi, zikutanthauza kuti vidiyo yatuluka m'gulu la okudziwani ikuonetsedwa kwa alendo, ndipo alendo sadina ngati achibale. Anthu amasintha chithunzi cha vidiyo imene ikuyenda bwino chifukwa choona peresenti yatsika, n'kuipha okha.

Chachinayi, ndi khomo liti latsekeka

Tsopano onani Traffic source. Anthu amafika pa vidiyo yanu kudzera m'makomo osiyana ndipo khomo lililonse lili ndi chimene chimaliyendetsa. YouTube search ndi amene alemba mawu pofufuza, amenewa amadalira kwambiri mawu a mu taitolo ndi mu kafotokozedwe ka pansi pa vidiyo. Browse features ndi tsamba loyamba lija munthu akangotsegula apu, Suggested videos ndi amene amaoneka pambali kapena pansi pa vidiyo ina, awiriwa ndi amene aligorizimu imalamula kwambiri. External ndi malinki a kunja, kwa ife kuno kwambiri ndi WhatsApp ndi Facebook. Mukapeza kuti chagwa ndi External yekha, aligorizimu ilibe mlandu ngakhale pang'ono, mwina gulupu ina yaikulu inakuchotsani kapena mwangotopa kusheya.

Tiyeni titenge chitsanzo kuti zimveke, manambalawa ndi oyerekeza koma zochitikazo ndi zimene zimachitikadi. Tiyerekeze achimwene ena a ku Ngabu ali ndi tchanelo cha ulimi, amakamba za mbuzi, thonje ndi nkhuku. M'masiku 28 a m'mbuyo anali ndi mavyuzi 6,000, m'masiku 28 otsatira, tinene chakumapeto kwa Juni kulowa Julayi, atsika kufika 2,900. Kuona makomo, YouTube search yachoka pa 2,400 kufika pa 500, Browse features pa 1,200 kufika 500, Suggested videos pa 600 kufika 300, External pa 1,800 kufika 1,600. Impressions achoka pa 60,000 kufika 40,000, CTR yachoka pa 7 peresenti kufika pafupifupi 3.

Taonani. Pa mavyuzi 3,100 amene asowa, 1,900 asowera pa khomo la kufufuza lokha, ndipo CTR yagwa kuposa theka. Izi sizikununkha aligorizimu, koma tisagamule msanga, pakufunika sitepe ina.

Chachisanu, gawani mavidiyo m'magulu, apa ndi pamene pagona nkhani

Kuyang'ana tchanelo chonse pamodzi kumabisa zinthu chifukwa kawirikawiri mavidiyo atatu kapena anayi okha ndi amene amanyamula tchanelo. Mu Advanced mode mukhoza kupanga magulu a mavidiyo, koma ngakhale pakope zimatheka. Gawani motere: amene munawakhudza posachedwa, amene ali pa nkhani imodzi, ndi akale amene simunawakhudze n'komwe. Gulu lomalizali ndi lofunika kwambiri chifukwa ndilo limakuuzani ngati vuto lili kwa YouTube. Ngati mavidiyo amene simunawasinthe, a nkhani zosiyanasiyana, akuyendabe monga kale, aligorizimu yomweyo ndi imene ikuwayendetsa, ndiye singakhale yasintha kwa ena okha.

Achimwene athu aja atagawa apeza izi. Mavidiyo atatu a mbuzi achoka pa 2,500 kufika pa 500. A thonje achoka pa 2,000 kufika pa 950. Otsalawo, a nkhuku ndi ena, achoka pa 1,500 kufika 1,450, kumene ndi kusasintha. Pamenepo aligorizimu yatuluka m'bwalo. Tsopano atsegule girafu ya tsiku ndi tsiku ya gulu lililonse aone kagwedwe kake, chifukwa kagwedweko kamalankhula.

A mbuzi girafu ikuyenda bwinobwino kenako tsiku limodzi yangoti phoo pansi, n'kukhala pomwepo. Kuyang'ana pakope, ndi tsiku lomwe anasintha mataitolo atatuwo kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi, mnzawo atawauza kuti akatero adzapeza anthu a kunja. Vidiyo imene inali ndi taitolo yakuti "Mbuzi ikutsegula m'mimba, chochita" inkapezeka ndi mlimi wa ku Dolo kapena ku Sorjeni amene walemba mawu omwewo usiku mbuzi yake ikudwala. Mukadina pa YouTube search mu Traffic source mumaona mawu enieni amene anthu ankalemba, ndipo apa mawu ngati "matenda a mbuzi" ndi "kuweta mbuzi" amene ankabweretsa anthu mwezi watha angotsala pang'ono kuzimiririka. Mlimi uja sakuipezanso msanga, ndipo munthu wa kunja amene waona taitolo ya Chingerezi akadina akumva Chichewa, masekondi khumi wachoka. Onani Average view duration, imene imaonetsa kutalika kwa nthawi imene anthu akukhala akuonera vidiyo, mudzapeza nayo yatsika kuyambira tsiku lomwelo. Si kuti YouTube imalanga munthu chifukwa chosintha taitolo, imangotsatira m'mene anthu akuchitira ndi taitolo yatsopanoyo, akamadutsa kapena kuthawa msanga nayo imachepetsa kuonetsa.

A thonje ndi osiyana. Palibe tsiku limodzi limene mungaloze, girafu ikutsika pang'onopang'ono sabata ndi sabata kuyambira chakumapeto kwa Meyi, pa makomo onse nthawi imodzi. Sanawakhudze. Mavidiyowo ndi a kapoperedwe ka mankhwala a mbozi, tsopano ndani akupopera thonje mu Julayi anthu atatola kale akuganiza za msika ndi mitengo? Awa palibe chowakonza, ndi nyengo.

Kusiyanitsa nyengo ndi kutopa kwenikweni

Ziwirizi zimafanana pa girafu, zonse zimatsika mwapang'onopang'ono, koma chochita n'chosiyana ndiye ndikhalepo pang'ono. Ngati tchanelo chanu chadutsa chaka, sankhani masiku 365 kapena Lifetime muone ngati chaka chatha mwezi womwewo zinatsikanso n'kudzakwera mvula itayandikira. Ngati zinatero ndi nyengo, mavidiyowo asiyeni, musafufute, adzadzuka okha anthu akayamba kukonza minda.

Kutopa kumaoneka pa mavidiyo atsopano. Tengani mavidiyo asanu kapena asanu ndi limodzi omaliza a nkhani imodzi, mulembe mavyuzi a masiku 7 oyamba a iliyonse komanso CTR yake. Mukaona yoyamba inapeza 900, yachiwiri 700, kenako 520, kenako 400, CTR nayo ikutsika vidiyo ndi vidiyo, pamene vidiyo ya nkhani ina imene munaponya pakatipo inachita bwino, pamenepo anthu anu akukuuzani kuti zimenezi tamva. Pa Audience onaninso anthu obwerezabwereza kudzakuonerani, chiwerengero chawo chikamatsika mwezi ndi mwezi ndiye kuti amene amakudziwani bwino ndi amene ayamba kudutsa, ndipo YouTube ikaona kuti anthu anu omwe sakudina imasiya kukankhira vidiyoyo kwa alendo. N'chifukwa chake kutopa kumayamba ndi CTR, Impressions amadzagwa pambuyo. Dongosolo limeneli muliyang'anitsitse, chimene chayamba kugwa ndi chiti.

Funso lina ndi lakuti atopa ndi nkhaniyo kapena atopa ndi m'mene inu mukuikambira. Ambiri amati pitani pa Google Trends musankhe YouTube Search, n'zoona chidacho chilipo, koma mawu a Chichewa nthawi zambiri chimangoti deta ndi yosakwanira. Njira imene imagwira kwa ife ndi kulemba nkhaniyo pa malo ofufuzira a YouTube, n'kuona mavidiyo a anthu ena a mwezi uno. Ngati awo akuonedwa bwino pa nkhani yomweyo, nkhaniyo ili moyo, vuto ndi lakuti mavidiyo anu ayamba kufanana, chithunzi chomwecho cha inu mutaima pa khola lomwelo, mawu oyamba omwewo, munthu akamadutsa akuganiza kuti anaionera kale. Ngati aliyense zatsika ndiye nkhaniyo yazizira, yesani ina yoyandikana nayo, kuchoka pa matenda a mbuzi kupita pa kasankhidwe ka mbuzi pa msika wa ziweto, kapena kasungidwe ka chakudya chake m'chilimwe msipu ukatha. Musadumphe kuchoka pa mbuzi kupita pa mpira, anthu amene muli nawo anabwerera mbuzi.

Za matagi, ndinene mosabisa

Anthu amataya nthawi yambiri pa matagi kuposa pa china chilichonse pamene YouTube yokha inalemba kuti matagi amathandiza pang'ono chabe kuti vidiyo ipezeke, taitolo, chithunzi ndi kafotokozedwe ndi zimene zili ndi mphamvu. Pamene amathandizadi ndi pa mawu amene anthu amalemba mosiyana, ndipo ife kuno tili nawo ambiri, wina alemba Chikwawa wina Chikhwawa, wina thonje wina tonje, matenda a nkhuku aja wina ati chitopa wina chideru. Amenewo aikeni m'matagi, malo ake amalola zilembo 500 koma simukukakamizidwa kudzaza. Ndiye ngati mavyuzi agwa ndi theka, musayembekezere kuti tagi ndi imene yachita, pokhapokha ngati mwathira mayina a anthu otchuka osakhudzana ndi vidiyo kapena mwaunjika matagi mu kafotokozedwe, zimenezo malamulo a YouTube amaletsa ndipo vidiyo ikhoza kuchotsedwa. Mahashitagi nawo mukapyola 60 pa vidiyo imodzi onse amanyalanyazidwa.

Taitolo imalola zilembo 100 koma pafoni imadulidwa, ndipo okuonerani ambiri ali pafoni. Tengani foni ya mnzanu amene sanasabusikiraibe, mufufuze vidiyo yanu, muone ngati mawu ofunika akuoneka kapena abisika kuseri kwa timadontho titatu tija chifukwa munayamba ndi dzina la tchanelo ndi nambala ya gawo.

Nanga aligorizimu ikasinthadi zimaoneka bwanji

Zimachitika, sindikukana. Mu 2012 YouTube inasiya kuyang'ana kwambiri kudina n'kuyamba kuyang'ana nthawi imene munthu wakhala akuonera, ndipo matchanelo ambiri amene ankadalira mataitolo okokomeza anagwa. Pa 31 Malichi 2025 anasintha kawerengedwe ka mavyuzi a Shorts, timavidiyo tifupitifupi tija, kuti vidiyo ikangoyamba kusewera iziwerengedwa, kawerengedwe kakale anakatcha Engaged views, ndiye ngati mukuyerekeza Shorts za m'mbuyo mwa tsikulo ndi za pambuyo pake gwiritsani Engaged views, apo ayi mukuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Zizindikiro zake ziyenera kubwera zonse pamodzi. Impressions a pa Browse features ndi Suggested videos agwa m'masiku omwewo pa mavidiyo ambiri a nkhani zosiyana, kuphatikizapo gulu lija simunalikhudze. CTR ndi Average view duration zili pomwe zinali. YouTube search ndi External sizinasunthe kwenikweni. Pakope palibe chimene munachita. Kenako mufunse anzanu awiri atatu a matchanelo a nkhani zina, wa nyimbo za kutchalitchi, wa maphikidwe, wa nthabwala, osangofunsa kuti zikuyenda bwanji koma akutumizireni chithunzi cha girafu yawo ya Browse features, muone ngati tsiku la kugwa likufanana ndi lanu. Onaninso pa akaunti ya TeamYouTube pa X, kukakhala vuto la manambala kumbali yawo nthawi zambiri amalengeza pamenepo. Zikagwirizana zonsezi ndiye mukhoza kunena aligorizimu, ndipo chochita chake ndi kusakhudza mavidiyo akale, kupitiriza kuposita monga kale, n'kulimbikira makomo amene ali m'manja mwanu, mataitolo oyankha zimene anthu amafufuza ndi malinki a m'magulupu.

Pomaliza, kukonza kwake

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Achimwene a ku Ngabu aja abwezeretse taitolo ya Chichewa pa vidiyo imodzi yokha ya mbuzi, chithunzi asachikhudze, ziwiri zinazo azisiye kaye m'Chingerezi kuti zikhale zoyerekezera, alembe deti pakope. Patatha sabata ziwiri aone YouTube search ndi CTR ya vidiyo imeneyo. Ngati yayamba kukwera pamene ziwirizo zili pansibe, umboni wakwana, abwezeretsenso zinazo. Asadabwe ngati sizibwerera pa 2,500 nthawi yomweyo, pa malo amene vidiyo yawo inkaoneka pofufuza mwina pakhala kale ya munthu wina ndipo zimatenga masabata kuti anthu akamadina ikwerenso. Ngati akufunabe anthu a Chingerezi, mu Studio muli malo oika taitolo ndi mawu omasulira a chilankhulo china popanda kuchotsa ya Chichewa.

Kwa amene mukukayikira chithunzi, pa kompyuta pali Test & compare imene imakulolani kuika zithunzi mpaka zitatu YouTube n'kuziyesa yokha kwa anthu, kungoti pa tchanelo chaching'ono mayesowo amatenga nthawi ndipo kawirikawiri amatha osapeza chopambana chifukwa anthu ndi ochepa. Zikatero yesani pa vidiyo imene ili ndi Impressions ambiri kuposa zonse, zinazo muzisiye mpaka mutaona zotsatira za imeneyo.